Mwana wa Kunjira ndi Chuma cha Masiye: Nkhani Yokambidwa pa Kasiya

Zikomo kuti mwasiya ntchito zanu, ena mwachokera ku Nsaru, ena ku Kabudula, ena ku Nambuma, kudzamva nkhani imene ambiri timaikamba monong'ona.

Nkhani yake nonse mukuidziwa. Bambo wamwalira. Adzukulu abwerako kumanda, anthu sadabalalike, ndiye patulukira mayi wachilendo, mwana ali kudzanja. Wakhala pansi chapatali, watuma mawu kwa ankhoswe: mwana uyu ndi wa malemuwa. M'nyumba ya siwa kulira kwasintha. Ena akuti athamangitsidwe, ena akuti taonani mphumi yake, ndi ya malemu yeniyeni. Funso langa lero ndi lakuti: pa chuma chimene bambo uja wasiya, mwana ameneyu ali ndi gawo kapena ayi?

Ndiyankha ndi mfundo zinayi. Yoyamba, lamulo likuti mwana ndani. Yachiwiri, tidziwa bwanji kuti mwanayo ndi wa malemu. Yachitatu, chuma chogawidwa ndi chiti ndipo chigawidwa motani; pamenepa ndikhalitsapo. Yachinayi, mlandu wotere umayenda njira iti.

Mfundo yoyamba: lamulo likuti mwana ndani?

Tiyambe ndi kwathu. Pa Chichewa mwana ndi wa kwa mayi wake. Mwini mbumba ndi atsibweni ake, munda adzalima wa kuchikazi, ndipo ufumu umadutsira kwa mwana wa mlongo. Choncho kale mwana wobadwa kunja kwa banja sankasowa kwawo. Komanso, ndipo apa mumvetse, ngakhale ana a m'banja sankayembekeza zambiri kwa bambo wawo. Mkamwini akamwalira, abale ake ankabwera kudzatenga nkhwangwa, njinga ndi mbuzi, mkazi n'kumusudzula. Ana onse, a m'nyumba ndi a kunjira omwe, ankayang'ana kwa atsibweni.

Lamulo lakale la chuma cha masiye, la 1967, lidatsata ndithu maganizo amenewa. M'maboma ngati athu ano a chikamwini, mwamuna akamwalira osasiya wilo, chuma chinkadulidwa magawo asanu: awiri okha kwa mkazi, ana ndi ena amene ankadalira malemu, atatu kwa olowa chuma mwa mwambo. Akuluakulu ena pano akadali ndi lamulo limeneli m'mutu. Lidatha. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, ndipo ndime 4 ya lamuloli ikunena kuti palibe amene angalowe chuma cha womwalira chifukwa cha mwambo chabe. Oyamba pa mzere tsopano ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana ake.

Nanga ana ake ndi ati? Lamulo lomweli likuti mwana ndi mwana wa womwalirayo mosayang'ana mmene adabadwira. Likuwerengeranso mwana wotengedwa mwalamulo kudzaleredwa, ngakhalenso amene akadali m'mimba tsiku la maliro. Silidayambe lokha zimenezi. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa ndime 23, adanena kale kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, kaya adabadwa motani. Ndiye mawu aja timakonda, akuti mwana wa kunjira, mwana wa pathengo, kukhothi alibe ntchito. Woweruza safunsa ngati padali ankhoswe kapena ngati ukwati udadalitsidwa kutchalitchi. Amafunsa chimodzi: kodi bambo wake ndi malemuwa?

Ndibwereze, chifukwa mfundo imeneyi ndiyo mutu wa zonse. Mwana ndi mwana. Sapatsidwa theka la gawo, sapatsidwa zotsala, sapatsidwa mwachifundo. Chibale ndi fupa, sichiola.

Koma pali mbali ina imene amayi apabanja muyenera kuimva, mwina mitima ingatsikeko. Ufulu umenewu ndi wa mwana, si wa mayi wake. Chibwenzi sichilowa chuma cha masiye. Kubereka mwana wa munthu sikukusandutsa mkazi wake. Mayi uja angawerengedwe ngati mkazi pokhapokha ataonetsa kuti padali ukwati: wa kwa ankhoswe, wa kumpingo, wa kuboma, kapena uja wongolowana. Ndipo wongolowanawu, malinga ndi lamulo la maukwati la 2015, amauvomereza ndi khothi lokha, litaona kuti awiriwo adakhalira limodzi zaka zosachepera zisanu ndipo anthu ankawadziwa ngati banja. Mwamuna amene ankangozemberako akapita kukagulitsa fodya ku Kanengo sadamange banja kumeneko. Adangoberekako mwana.

Mfundo yachiwiri: tidziwa bwanji kuti mwanayo ndi wa malemu?

Milandu yambiri imagwera apa. Sikuti aliyense wofika pamaliro ndi mwana kudzanja akunena zoona, ndipo banja lili ndi ufulu wofunsa umboni. Wonena kuti mwana ndi wa malemu ndiye ayenera kutsimikiza. Kufanana nkhope si umboni wokwanira. Pamudzi uliwonse pali anthu ofanana amene sali pachibale.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lidatchula zinthu zimene khothi limayang'ana pofuna kudziwa kholo la mwana. Choyamba ndi dzina la bambo m'kaundula wa ana obadwa, ndiye kuti pa chiphaso chobadwira cha ku NRB. Dzina la bambo wa mwana wobadwa kunja kwa banja silingolembedwa poti mayi watchula. Bamboyo amayenera kuvomera. N'chifukwa chake chiphaso chimenechi chimalemera kwambiri pa mlandu. China ndi mwambo umene bamboyo adachitira mwanayo. China ndi kuvomera poyera, anthu akumva. Ndipo ngati ali moyo adakana kukayezetsa magazi atauzidwa kutero, kukana komweko khothi lingakuwerenge ngati umboni womutsutsa.

Tsono inu mafumu ndi ankhoswe, taonani mmene mfundo imeneyi ikukukhudzirani. Mtsikana akapatsidwa mimba, nkhani imafika pabwalo panu. Mwamuna amavomera, amalipa chindapusa, nthawi zina abale ake amapita kukaona khanda n'kulitcha dzina. Zonsezi ndi umboni. Koma zikangothera pakamwa, pakapita zaka khumi amene adalipo ena amwalira, ena asamukira ku Kasungu, ena aiwala dala. Ndikupemphani, nkhani yotere ikatha pabwalo, ilembedwe m'buku la mfumu: tsiku, maina, zimene mwamuna wavomera, zimene walipa, ndi saini kapena chidindo cha chala chake. Tsamba limodzi limeneli lidzapulumutsa mwana woona, ndipo kusowa kwake kudzathandiza banja kukana wabodza.

Palinso maumboni ang'onoang'ono amene anthu amataya: buku la kusikelo lolembedwa dzina la bambo, kaundula wa ubatizo, malisiti a fizi, mauthenga a ndalama zimene bambo ankatumiza pa foni mwezi ndi mwezi. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimamaliza mlandu pachokha, koma zikaunjikana woweruza amaona chithunzi chonse. Za DNA mwamvapo. N'zotheka ngakhale bambo ali m'manda, poyerekeza mwanayo ndi makolo a malemu kapena ana ake ena, koma zimadya ndalama zambiri, ndipo achibale amene akukana mwanayo sapereka magazi awo mokondwa. Musadalire zimenezo. Umboni wabwino umakonzedwa bambo ali moyo.

Mfundo yachitatu: chogawidwa n'chiti, ndipo chigawidwa motani?

Apa ndipo pamene mayi wamasiye amalira kuti, ine ndidavutika ndi mwamuna uyu zaka zonsezi, kusoka fodya mpaka usiku, lero thukuta langa adye mwana wa mkazi wina? Kulira kumeneku n'komveka, ndipo lamulo silidakunyalanyaze. Chimene chimagawidwa ndi chuma cha malemu chokha, osati chilichonse chopezeka pakhomo.

Tiyerekeze ndi banja longopeka, ndipo ziwerengero zake ndi zanga, zongophunzitsira. Bambo ndi mlimi wa fodya, ali ndi chigayo pano pa Kasiya. Wamwalira osalemba wilo. Wasiya mkazi amene adakhala naye zaka 25, ndi ana atatu: wa zaka 24, amene adamuphunzitsa mpaka kukoleji ndipo ali pantchito, wa zaka 19, ndi wa zaka 11. Ku Nsaru kuli mwana wa zaka 6, amene malemu adamuvomera pamaso pa anyakwawa. Mayi ake a malemu ali moyo, ndi okalamba, ndipo ankadya za mwana wawoyo. Aliponso achimwene a malemu ndi ana a alongo ake, onse ali tcheru.

Choyamba timachotsa katundu wa m'nyumba. Mipando, mabedi, ziwiya, zofunda, zonse zimene banja linkagwiritsa ntchito pakhomo, ndime 17 ya lamulo la 2011 ikuti zimatsala ndi mkazi. Mwana wa ku Nsaru alibe gawo pa bedi la mayi uja, achimwene a malemu nawonso alibe. Munda umene banja linkalima, ngati ndi wa kuchikazi, ndi wa mbumba ya mayiyo. Sudali wa malemu, ndiye sulowa m'gulu la zogawidwa.

Zotsala tiziike pa mtengo. Chigayo, K8,000,000. Ng'ombe ndi ngolo, njinga yamoto, ndi ndalama za fodya zimene zili kubanki, zonse pamodzi K13,000,000. Kuphatikiza, K21,000,000. Koma malemu adasiya ngongole ya feteleza ya K1,000,000. Ngongole imabwezedwa anthu asadagawane kanthu. Zatsala K20,000,000.

Tsono chigayo chija adagula awiri. Mayi adagulitsa mtedza ndi soya wa m'munda mwake zaka zitatu n'kuponyapo, ndipo alipo anthu odziwa zimenezo. Gawo lake pa chigayo si chuma cha masiye, ndi lake ali moyo. Kukula kwa gawolo kumadalira umboni. Tiyerekeze kuti lapezeka kuti ndi theka, K4,000,000. Tikachotsa, chuma chenicheni cha malemu ndi K16,000,000. Mwaona kuti tachoka pa 21 kufika pa 16 tisadatchule n'komwe dzina la mwana aliyense. Mabanja ambiri amalumpha sitepe imeneyi, ndipo wopwetekeka amakhala mayi wamasiye.

Kenaka lamulo likuti tiyambe tateteza amene angavutike chifukwa cha imfayi. Gogo uja ali m'gulu limeneli, pakuti kholo la malemu limawerengedwa. Timuikire K1,000,000. Achimwene ndi ana a alongo, amene ali ndi manja awo ndipo sankadalira malemu, sapata kanthu pamene mkazi ndi ana alipo. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa kwa eni mbumba, koma ndi mmene lamulo lilili.

Zatsala K15,000,000, ndipo ogawana ndi asanu: mayi ndi ana anayi. Anayi, osati atatu. Poyambira pake ndi kugawa mofanana, aliyense K3,000,000. Koma lamulo silidaimire pomwepo. Likuti tione zinthu zapadera: zimene malemu adanena pamaso pa mboni zodalirika, thandizo la maphunziro limene mwana aliyense adalandira kale, ndi zimene mkazi kapena mwana adathandiza pa bizinesi. Likutinso pakati pa ana, wamng'ono alandire zochulukirapo kuposa wamkulu, pokhapokha ubwino wa anawo utafuna zina. Zili ngati m'munda wa fodya: mbande yongowokedwa kumene imafuna madzi ambiri kuposa fodya amene wayamba kale kutcholedwa.

Ndiye kugawa kungathe kutha motere: mayi K3,500,000, wa zaka 24 K1,500,000, wa zaka 19 K2,500,000, wa zaka 11 K3,500,000, wa ku Nsaru K4,000,000. Ndikuona ena mwagwedeza mitu. Inde, mwana wa kunjira angathe kulandira zoposa mwana woyamba wa m'nyumba. Chifukwa chake si chakuti amakondedwa, koma chakuti mkulu uja gawo lake lalikulu adadyeratu kusukulu, pamene wamng'onoyu ali sitandade 1. Komabe nkhani ingatembenuke. Ngati mkuluyo sadapite kukoleji, koma adakhala zaka zisanu ndi chimodzi akuyendetsa chigayo cha bambo ake osalandira malipiro, thukuta lakelo liwerengedwa ndipo gawo lake likwera. Lamulo silidaike tebulo la ziwerengero. Lidaika mfundo, ndipo woweruza amayeza banja lililonse palokha.

Nanga K4,000,000 ya mwana wa zaka 6 agwira ndani? Funso limeneli ndilo limakwiyitsa mabanja, poganiza kuti ndalama ikathera pa zitenje za mayi wake. Ndalamayo ndi ya mwana. Amene waisunga amaisunga m'malo mwa mwanayo, ndipo angafunsidwe kuti afotokoze mmene yayendera. Banja lingapemphe khothi kuti iikidwe ku akaunti ya mwanayo, izituluka ya fizi, ya zovala ndi ya kuchipatala. Kupempha zimenezo n'kololedwa. Kukana kupereka gawolo poti simukumukhulupirira mayi wake, ndiko kosaloledwa.

Ndiwonjezepo ziwiri mwachidule. Ngati malemu adali pantchito ya penshoni, ndalama imeneyo ili ndi njira yakeyake: oyang'anira thumba la penshoni amayamba ayang'ana fomu imene mwini wake adalembapo maina a odzalandira. Ndipo za malo: kuyambira ndi lamulo la malo a makolo la 2016, munthu angathe kulembetsa malo m'dzina lake, ndipo malo olembetsedwa chotero amalowa m'chuma chimene ana angalowe. Pano pa Kasiya, pamene kampani ya Sovereign Metals yapeza miyala ya rutayilo ndi girafaiti pansi pa minda yathu, malo amene dzulo anthu sankawalabadira akhoza kudzakhala ndi mtengo. Ngati padzakhala chipukutamisozi pa malo a bambo amene adamwalira, musadzadabwe kuona ana ake onse akufika, a ku Nsaru omwe.

Mfundo yachinayi: mlandu umayenda njira iti?

Kukambirana pabanja, pamaso pa ankhoswe ndi mfumu, n'kwabwino, ndipo mabanja ambiri amathera pomwepo. Koma chimene mwagwirizana chisaphwanye lamulo. Bwalo la mfumu silingagamule kuti mwana wotsimikizika asalandire kanthu. Likatero, mayi wake kapena mwanayo akadzakula angapite kukhothi, ndipo mlandu suola.

Ndalama za kubanki sizituluka ndi kalata ya mfumu yokha. Pamafunika chiphaso cha imfa, ndiponso munthu wopatsidwa mphamvu ndi lamulo yoyendetsa chuma cha masiyecho. Chuma chochepa chimathera kwa majisitireti ndi ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma, kwa a DC. Chochuluka, kapena chokhala ndi malo a lizi, chimapita ku khothi lalikulu ku Lilongwe. Iliponso ofesi ya boma ya Administrator General, imene imayendetsa chuma cha masiye, makamaka pamene abale akukangana. Wopempha mphamvuyi amalumbira ndi kutchula onse oyenera kulandira. Apa ndipo anthu amalakwa: amatchula ana atatu, wachinayi n'kumubisa akumudziwa. Zikadzaululika, khothi lingalande mphamvu ija, kugawa n'kuyambiranso, wobisayo n'kubweza zimene adapereka molakwika.

Chizindikiro chakuti zinthu zayamba kupotoka n'chosavuta kuona. Katundu akayamba kusamuka usiku mwambo wa kumeta usadachitike, ng'ombe zikapita kukasungidwa kwa achimwene, khadi la kubanki la malemu likamatapa ndalama mwini wake ali kumanda, dziwani kuti kulanda kwayamba. Ndime 84 ya lamulo la 2011 ikuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, chilango chake chimafika zaka khumi kundende, kuphatikizapo kubweza. Ndime imeneyi imaluma mbali zonse. Imaluma achimwene otenga ngolo, imalumanso abale a mayi wa ku Nsaru akabwera kudzakankha njinga yamoto ati ndi gawo la mwana wawo. Palibe wololedwa kudzigawira yekha. Wolandidwa apite kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo wosowa ndalama ya loya akafunse ku Legal Aid Bureau, imene boma lidakhazikitsira anthu otere.

Mawu anga otsiriza apite kwa inu abambo, pakuti moto wonsewu amausonkha ndinu. Walira mvula walira matope. Ngati muli ndi mwana kwina, kubisa sikumuchotsa pa mndandanda, kumangosiyira mkazi wanu ndi ana anu nkhondo pa tsiku limene ali ndi chisoni. Ena mukuti ndidzalemba wilo n'kumusiya kunja. Dziwani kuti ngakhale pamenepo khothi lili ndi mphamvu yopatsa mwana wosiyidwa m'wilo gawo lomuthandiza. Chimene wilo imakupatsani ndi mwayi wokonza nokha: chigayo chitsale ndi mayi ndi ana a m'nyumba kuti chisagulitsidwe, mwana winayo alandire ng'ombe kapena ndalama ya sukulu. Wilo sifuna chizungu. Ilembedwe, ngakhale m'Chichewa, musaine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisaine inu mukuona. Musankhe mboni zimene sizidzalandirapo kanthu, ndipo pepalalo mukasungitse kukhothi kapena kwa a DC, osati pansi pa matiresi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Bambo amene muli ndi mwana kunja, chaka chino chisathe musadakamulembetse ku NRB m'dzina lanu, musadauze ankhoswe anu, ndiponso musadalembe wilo. Ndipo inu mafumu, yambani kulemba m'buku milandu ya mimba kuyambira pa bwalo likudzali.